Pempho lanu liyambe, zifukwa zibwere pambuyo

Bwana akatsegula imelo pa foni, saona kalata yonse nthawi imodzi. Amaona dzina la wotumiza, mutu wa uthenga ndi mawu ochepa oyambirira. Pa zitatu zimenezi ndi pamene amasankha kuti awerenge tsopano kapena asiye kaye. Ndipo imelo yosiyidwa kaye, mawa lake imakhala itatsikira pansi pa mauthenga ena atsopano. Anthu ambiri amene amadandaula kuti akuluakulu sawayankha analemba pempho lawo ndithu, koma analiika mu ndime yomaliza, kumene wowerenga sanafikeko.

Imelo imatalika chifukwa wolemba amayamba kulemba asanadziwe bwinobwino chimene akufuna. Amafotokoza zinthu motsata m'mene zinachitikira, kuyambira tsiku loyamba, ndipo chofuna chake chimamuonekera iye mwini akuyandikira kumapeto. Kulemba motero si kulakwa, kumathandiza kuganiza. Vuto ndi kutumiza zimenezo osazikonzanso.

Tiyerekeze mlangizi wa zaulimi amene njinga yake yamoto yawonongeka, ndipo akulembera mayi amene amayang'anira ntchito yake ku ofesi. Pa malo olembedwa `Subject` waikapo mawu amodzi: "Moni". Ndime yoyamba ndi ya malonje ndi kuthokoza chifukwa cha maphunziro a mwezi watha. Yachiwiri ikusimba za mvula ndi kuipa kwa msewu. Kenako akufotokoza m'mene njinga inayambira kulira mwachilendo, m'mene anaikankhira mpaka pamsika, zimene ananena makaniki woyamba, ndi chifukwa chake anapitanso kwa wachiwiri. Pakati pake watchulapo kuti alawansi ya mwezi watha sanalandirebe, komanso kuti batire ya laputopu sikusunga moto. Pomaliza penipeni walemba kuti: "Ndiye ndimati mwina muone m'mene mungatithandizire, poti Lolemba tili ndi msonkhano ndi alimi."

Zonse zimene walemba n'zoona, koma mayi aja akafika pamapeto atsala ndi mafunso. Athandize pa chiyani: njinga, alawansi kapena laputopu? Ndalama zingati? Pofika liti? Kawirikawiri wowerenga wotanganidwa amayankha chimene chili chophweka, monga "Za alawansi ndifunsa ku akaunti", ndipo za njinga zimathera pomwepo. Mukalandira yankho lotere, kapena longoti "Ndamva", kapenanso "Ndiye mukufuna ndichite chiyani?", dziwani kuti pempho lanu silinaoneke.

Kukonza kumayambira kumapeto. Mlangizi apite ku ndime yomaliza, atenge chiganizo chija, achilembenso mpaka chiyankhe mafunso atatu: akupempha ndani, kuti achite chiyani, pofika liti. Mawu akuti "muone m'mene mungatithandizire" sauza munthu chochita. Pakufunika mawu onena ntchito imene munthu angaigwire n'kuimaliza: vomerezani, sainirani, tumizani, sankhani. Tsiku nalonso litchulidwe. "Mwamsanga" kwa wolemba ndi lero, kwa wowerenga mwina ndi sabata yamawa.

Chiganizo chimenechi chikakwera pamwamba, chiganizo chilichonse chotsala chifunsidwe funso limodzi: kodi mayiwa akufunika kudziwa ichi kuti avomere kapena akane? Za mvula sakufunika. Za kukankha njinga, ngakhale zinali zowawa, sakufunika. Chimene chawonongeka, mitengo iwiri ya amakaniki, ndi chimene chidzachitike njinga ikapanda kukonzedwa, zimenezo akufunika. Alawansi ndi laputopu si nkhani zachabe, koma zipite mu maimelo ake, iliyonse ndi mutu wake. Apa ndi pamene ambiri amakakamira, poganiza kuti ndi bwino kunena zonse pakamodzi poti bwana apezeka. Komatu mapempho atatu mu imelo imodzi amalimbirana malo, ndipo limodzi likafuna kuti afunse kaye kwina, onse atatu amadikira limodzi.

Imelo yokonzedwa ikhoza kuoneka chonchi. Mutu wake: "Pempho: K180,000 yokonzetsera njinga pofika Lachisanu". Uthenga wake:

"Mayi, ndikhulupirira muli bwino. Ndikupempha kuti muvomereze K180,000 yokonzetsera njinga yamoto ya ofesi pofika Lachisanu masana. Kalachi yatha ndipo njinga sikuyenda. Ndafunsa amakaniki awiri: wina akuti K180,000, wina K215,000, ndipo makotesheni onse ndawaphatikiza pa imelo ino. Ndasankha wotsika mtengoyo poti zipangizo ali nazo kale. Ikakonzedwa Loweruka, ndidzatha kufika ku msonkhano wa alimi wa Lolemba. Kupanda apo tiyenera kuusintha tsiku. Zikomo kwambiri."

Mayi aja angathe kuwerenga uthengawu ataima pakhomo pa chipinda cha msonkhano, n'kuyankha kuti "Ndavomereza". Muyeso wake ndi umenewu: kodi wowerenga angayankhe kuti inde kapena ayi popanda kukufunsani funso lina? Onaninso kuti mlangizi sanangotula mitengo iwiri kuti abwana adzionere okha. Wanena umene wasankha ndi chifukwa chake, motero ntchito ya wowerenga yachepa.

Ndikudziwa kuti ena akuwerenga izi mtima uli m'mwamba. Kwathu kuno munthu safikira kunena chimene wadzera. Amayamba wakhala pansi, apatsidwe moni, malonje achitike. Kuyamba ndi pempho kumamveka ngati mwano, makamaka polembera wamkulu. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo sindikunena kuti moni achotsedwe. Koma pamaso m'pamaso malonje amakhala a anthu awiri, wina kufunsa wina kuyankha, pamene mu imelo wolemba amalankhula yekha, winayo akudikira kuti amve nkhani. Chiganizo chimodzi cha moni chikukwana. Ulemu wotsalawo uli m'mawu akuti "Mayi", "ndikupempha", "zikomo", ndiponso m'kusawatayitsa nthawi.

Dandaulo la makalata otalika si latsopano. Pa 9 Ogasiti 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, nduna yaikulu ya dziko la Britain, Winston Churchill, inalembera akuluakulu a boma lake kalata yaifupi yodandaula kuti malipoti akutalika kwambiri, ndipo anthu akutha nthawi kufufuza mfundo zenizeni. Anapempha kuti mfundo zizilembedwa m'ndime zazifupi, ndipo ziwerengero ndi tsatanetsatane ziziikidwa padera kumapeto. Makotesheni a mlangizi uja ali pamalo omwewo: wofuna kuwaona awatsegula, wosafuna sakumutsekera njira.

Kufupikitsa kuli ndi malire ake. Imelo yongoti "Mayi, ndikupempha ndalama za njinga" ndi yaifupi, koma idzabala maimelo ena anayi ofunsana kuchuluka kwa ndalama, tsiku ndi chifukwa. Chofunika kuchotsa ndi chimene sichithandiza wowerenga kusankha, osati chilichonse chotalikitsa. Palinso nkhani zimene siziyenera njira imeneyi konse. Uthenga wa maliro, kupepesa munthu amene mwamulakwira, kapena kusamvana ndi mnzanu wa pantchito zimafuna foni kapena kukumana, ndipo imelo ingabwere pambuyo pongotsimikizira zimene mwagwirizana.

Chinthu china chimene chimapha pempho labwino ndi kulitumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi, aliyense n'kuganiza kuti ayankha mnzake. Pa `To` ikanipo munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yovomereza, ndipo mumutchule mu chiganizo choyamba. Ongofunika kudziwa apite pa `Cc`. Musanadine `Send`, phimbani uthenga wonse ndi dzanja, musiye mutu ndi mizere iwiri yoyamba. Ngati pa mizere imeneyo simukuona chimene mukupempha ndi tsiku lake, musatumize kaye.