Kapitawo asunge tsamba limodzi la malipiro, maola ndi njira ya madandaulo

KALOMWE – Abwana a kampani ndi sindikatu ya antchito akasainirana pangano la ntchito, chikalatacho chimakhala chachitali komanso cha m'Chipwitikizi. Koma amene amalemba maola kumunda wa mbatatesi kapena ku depo ya fodya ndi kapitawo. Iye akalakwitsa, ndalama ya wantchito ndiyo imaperewera. N'chifukwa chake panganolo limafupikitsidwa pa tsamba limodzi la magawo atatu.

Gawo loyamba ndi la malipiro. Mzere uliwonse uonetse mtundu wa ntchito, malipiro a pa mwezi, a pa ola, ndi tsiku limene anayamba kugwira ntchito. Tsikulo lisaiwalike, chifukwa boma limakonzanso malipiro otsikitsitsa a gawo la ulimi, ndipo ndalama ya m'pangano ikatsalira m'mbuyo, imene imalipidwa ndi ya boma. Wantchito wochokera ku Dedza amene walembedwa ntchito mbali ino amatsatanso lamulo la Mozambiki.

Gawo lachiwiri ndi la maola. Lamulo la Ntchito nambala 13/2023, lomwe linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2024, limaika maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata. Ola loonjezera lisanakwane 8 koloko usiku limalipidwa ndi theka pamwamba. Ikapitirira nthawiyo, malipiro amawirikiza kawiri.

Tiyerekeze kuti wonyamula mabelo amalandira mametikali 40 pa ola ndipo amaweruka 5 koloko madzulo. Tsiku lina galimoto yachedwa, iye waweruka 9 koloko usiku. Maola atatu oyamba ndi 60 lililonse, onse pamodzi 180. Ola lomaliza ndi 80. Ayenera kulandira 260. Kapitawo akangolemba kuti “maola anayi” osaonetsa nthawi, wowerengera ndalama angathe kulipira 240, kapenanso 160. Choncho tsambalo lilamule kulemba nthawi yoyambira ndi yowerukira.

Gawo lachitatu ndi njira ya madandaulo, ndipo ilembedwe motsatana monga pangano likunenera: dandaulo limayambira kwa ndani, amayankha m'masiku angati, ndipo komiti ya sindikatu imalowererapo liti. Zikakanika pakampani, nkhani ingapite ku CEMAL, likulu loyanjanitsa abwana ndi antchito mumzinda wa Tete, kapena kukhoti. Apa palembedwenso momveka kuti kapitawo sangachotse munthu ntchito pakamwa. Lamulo limafuna kuti wantchito apatsidwe mlandu wake wolembedwa komanso mpata woyankha.

Pambali pa mfundo iliyonse palembedwe nambala ya ndime imene yachokera, kuti pakabuka mkangano anthu atsegule pangano lenileni, popeza tsambalo ndi chidule chabe. Nthumwi ya sindikatu iliwerenge lisanapachikidwe, ndipo pangano kapena malipiro a boma akasintha, tsamba lakale lichotsedwe pakhoma tsiku lomwelo.