Kuwunika zolembedwa zosakaniza Chichewa ndi Chingerezi

Kuwunika zolembedwa zosakaniza Chichewa ndi Chingerezi ndi ntchito yowerenga chikalata chisanasindikizidwe pofuna kuti mawu a Chichewa alembedwe mofanana paliponse, ndiponso kuti ziganizo za Chingerezi zikhale zolondola. Wowunika amawerenga kawiri, chilankhulo chilichonse pachokha, chifukwa malamulo a zilankhulo ziwirizi ndi osiyana.

Mbali ya Chichewa

Malamulo a kalembedwe ka Chichewa ku Malawi anatuluka mu 1973 ndipo anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Limodzi mwa malamulowa limati r amalembedwa pambuyo pa i kapena e, pomwe l amalembedwa pena ponse. Choncho timalemba "kulembera" ndi "kulipira", koma "kulola" ndi "kugula". Mayina ena, monga Lilongwe, satsata lamuloli ndipo sasinthidwa.

Kachizindikiro ka mu ng' nako sikayenera kusowa, chifukwa kamasintha tanthauzo: "ng'oma" ndi yoimba, pamene "ngoma" ndi nyama yakutchire.

Pali mawu ena amene anthu amalemba m'njira ziwiri, monga "mawu" ndi "mau". Wowunika amasankha njira imodzi, n'kuilemba pa kapepala kapadera kuti aitsatire mpaka kumapeto.

Mbali ya Chingerezi

Zolakwika zambiri zimabwera munthu akamaganiza m'Chichewa uku akulemba Chingerezi. Mawu akuti "iye" amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, motero munthu mmodzi amatha kutchulidwa ngati mwamuna m'chiganizo china, ngati mkazi m'chiganizo chotsatira. Pofuna kupeza vutoli, wowunika amadina `Ctrl+F`, n'kufufuza `he` ndi `she` ngati mawu athunthu, ndipo paliponse amaona ngati mawuwo akugwirizana ndi munthu amene akunenedwa.

Ngozi ya kusintha zonse nthawi imodzi

Tiyerekeze kuti lipoti la komiti ya sukulu lili ndi "kulembela" ndi "kulipila" m'malo ambiri. Munthu akhoza kutsegula `Ctrl+H` mu Microsoft Word, n'kusintha `ela` kukhala `era`, komanso `ila` kukhala `ira`, podina `Replace All`. Mawu awiriwa akonzeka ndithu, koma Chingerezi chiwonongeka: `delay` asanduka `deray`, ndipo `available` asanduka `avairable`. Njira yabwino ndi yofufuza mawu athunthu, monga `kulembela`, kapena kudina `Replace` kamodzikamodzi uku akuwerenga mawu alionse.

Mizere yofiira

Pulogalamuyi ikatcheredwa pa Chingerezi, imaika mzere wofiira pansi pa mawu ambiri a Chichewa, ndipo zolakwika zenizeni za Chingerezi zimabisala pakati pake. Pothana ndi zimenezi, wowunika amasankha ndime za Chichewa, n'kupita pa `Review`, `Language`, `Set Proofing Language`, kenako n'kuchonga `Do not check spelling or grammar`. Mizere yotsalayo imakhala ya Chingerezi chokha. Koma zikatero, kompyuta siiwunikanso Chichewacho, choncho chiyenera kuwerengedwa ndi munthu, mzere ndi mzere.