Kutuluka m'nyumba ya lendi nthawi isanakwane: dipoziti imapulumukira pa uthenga umodzi

Kumudzi kukagwa zovuta, kapena ntchito ikatha mosayembekezera, munthu amene ali ku Joni amayamba ndi kufunsa mtengo wa basi. Za nyumba ya lendi imene akukhala amazikumbukira katundu ali kale m'zikwama. Pamenepo amatenga foni n'kulembera alandilodi mawu awiri atatu: "Ndikutuluka kumapeto kwa mwezi uno, nanga dipoziti yanga?" Ambiri ndalama yawo imathera pomwepo. Si kuti eni nyumba onse ndi akuba ayi. Vuto limakhala uthengawo: umafika mochedwa, sutchula tsiku, ndipo susiya umboni.

Nkhani ino ndi ya ku South Africa, kumene abale athu ambiri akuchita lendi m'madera monga Rosettenville, Turffontein ndi Mayfair mumzinda wa Johannesburg. Kumeneko kuli malamulo awiri amene amateteza wochita lendi, ndipo uthenga wolembedwa bwino umatsamira pa onse awiri. Masiku amene titchule pano ndi a malamulo a dziko limenelo, choncho amene akuchita lendi ku Ndirande kapena ku Kawale asawatenge ngati ake.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito m'nyumba ya bwana wake, amene akuchita lendi kanyumba ka chipinda chimodzi pa R4,500 pamwezi. Polowa anapereka dipoziti ya R4,500 ndipo anasainira mgwirizano wa miyezi 12, kuyambira pa 1 Febuluwale 2025 mpaka pa 31 Januwale 2026. Mu Ogasiti walandira foni kuti mayi ake akudwala kwambiri, ndipo waganiza zobwerera kumudzi kumapeto kwa Sepitembala. Pa mgwirizano wake patsala miyezi inayi. Anzake akumuopseza kuti mwini nyumba amulipiritsa miyezi yonseyo, R18,000, ndiye kuli bwino angonyamuka usiku osatsanzika.

Malangizo amenewa ndi olakwika. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008, mu gawo 14, limalola munthu kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika tsiku lake lisanafike. Chimene limafuna ndi notisi ya masiku 20 a ntchito, yolembedwa kapena yosungika mwa njira ina yoti ingaonetsedwe. Wochita lendi sakakamizidwa kupereka chifukwa. Gawoli limagwira ntchito pamene mwini nyumba amachititsa lendi ngati bizinesi yake ya nthawi zonse, ndipo siligwira pamene mbali zonse ziwiri ndi makampani. Amene alibe mgwirizano wa nthawi yoikika, wongolipira mwezi ndi mwezi, njira yake ndi ina: amapereka notisi yolembedwa ya mwezi umodzi wathunthu.

Pa masiku 20 aja ndi pamene anthu amapunthwa. Si masiku a pakalendala. Loweruka, Lamlungu ndi maholide a boma sawerengedwa, ndipo tsiku lotumiza notisi nalonso silili m'gulumo. Mayi uja akatumiza uthenga Lolemba pa 1 Sepitembala 2025, kuwerenga kumayamba Lachiwiri. Pa 24 Sepitembala ndi holide ya Heritage Day, ndiye tsikulo limadumphidwa. Tsiku la 20 limagwera ndendende pa 30 Sepitembala. Akachedwa ndi tsiku limodzi lokha, notisi yake yalowa mu Okutobala, ndipo mwini nyumba wapeza poyambira kufuna lendi ya masiku a mwezi wina. N'chifukwa chake uthengawu uyenera kutsogola, tikiti ya basi ibwere pambuyo.

Tsono uthengawo unene chiyani? Mwina udzalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi izi:

"Bambo, ndine wochita lendi m'nyumba yanu ya kuseri, pa adiresi yakuti. Lero pa 1 Sepitembala 2025 ndikupereka notisi ya masiku 20 a ntchito yothetsa mgwirizano wathu. Ndidzatuluka ndi kukupatsani makiyi pa 30 Sepitembala. Lendi ya Sepitembala ndalipira yonse, ndipo umboni wake ndautumiza pamodzi ndi uthengawu. Ndikupempha kuti tidzayendere limodzi nyumbayi pa 29 Sepitembala nthawi ya 5 koloko madzulo. Polowa ndinapereka dipoziti ya R4,500. Chonde mundiuze chiwongoladzanja chimene yapeza, ndipo ngati pali zoti mudule mundilembere chimodzichimodzi ndi malisiti ake. Yotsalayo muiike ku akaunti yanga yakuti. Ndine wokonzeka kutsegulira anthu ofuna kudzaona nyumbayi. Mukalandira uthengawu mundiyankhe."

Uthengawu ndi waulemu, koma ulibe kuchonderera. Suyamba ndi nkhani yaitali ya matenda, ndipo sufunsa kuti "kodi mundibwezera?" ngati kuti dipoziti ndi mphatso. Ndalamayo ndi ya wochita lendi kuyambira tsiku limene anaipereka, mwini nyumba amangoisunga ngati chikole. Lamulo lachiwiri, la Rental Housing Act la 1999, mu gawo 5, limalamula kuti dipoziti iikidwe ku banki mu akaunti yobereka chiwongoladzanja chosachepera cha akaunti yosungira ndalama, ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha wochita lendi. Iye ali ndi ufulu wopempha umboni wake wolembedwa.

Musanatumize, werengani mgwirizano wanu. Ngati ukunena kuti notisi izipita pa imelo kapena pa kalata yoperekedwa pamanja, tsatirani zomwezo. Uthenga wa pa WhatsApp ukhale wowonjezera, ndipo muujambule pamodzi ndi tsiku lake komanso yankho la mwini nyumba. Zolankhulana pakhomo zimapita ndi mphepo. Pa tsiku la mkangano chimene chimalankhula ndi cholembedwa.

Mzere wofunika kuposa yonse mu uthenga uja ndi wopempha kuyendera nyumba. Lamulo la 1999 limati mwini nyumba ndi wochita lendi ayendere nyumba limodzi polowa, n'kulemba zonse zimene zinali zowonongeka kale. Ayenderenso limodzi potuluka, mkati mwa masiku atatu mgwirizano usanathe. Masiku obwezera ndalama amadalira ulendo wachiwiriwu. Ngati palibe ngongole ndipo palibe chowonongeka, dipoziti yonse ndi chiwongoladzanja chake ibwezedwe pasanathe masiku 7 mgwirizano utatha. Ngati pali zodula, yotsalayo ibwezedwe pasanathe masiku 14 kuchokera pamene nyumba yabwerera m'manja mwa mwini wake. Wochita lendi akapanda kuyankha pempho loyendera nyumba, mwini nyumba amayendera yekha, ndipo amakhala ndi masiku 21.

Nanga mwini nyumbayo akanyozera, osabwera? Apa lamulo lili kumbali ya wochita lendi. Mwini nyumba amene walephera kuyendera nyumba pamaso pa wochita lendi amatengedwa ngati wavomereza kuti nyumbayo ili bwino, ndipo sangadzabwere pambuyo pake ndi nkhani ya chitseko chothyoka. Koma kuti zimenezi zikuthandizeni, muyenera kuonetsa kuti inu munalipo ndipo munamuitana. Ndiyo ntchito ya tsiku ndi nthawi zimene mayi uja walemba. Wothawa usiku amataya chitetezo chonsechi. Lamulo limati mgwirizano wake umatengedwa kuti watha tsiku limene mwini nyumba wazindikira kuti m'nyumba mulibe munthu, koma mwini nyumbayo amakhalabe ndi ufulu wonse womusumira chifukwa chophwanya pangano.

Tisanamizane, kutuluka msanga kuli ndi mtengo wake. Gawo 14 lomwe lija limalola mwini nyumba kulipiritsa chindapusa choyenera. Silitchula nambala. Malamulo ake aang'ono amati poyeza chindapusacho pazionedwa zinthu monga kutalika kwa mgwirizano, kutalika kwa notisi imene yaperekedwa, ndi mwayi umene mwini nyumba ali nawo wopeza munthu wina atachita khama. Amanenanso kuti chindapusa chisakule mpaka kupha ufulu wothetsa mgwirizanowo. Kufuna R18,000 yonse, pamene nyumbayo ingalowe munthu wina m'masabata awiri, n'kupha ufuluwo. Apa mpamene mukuonera phindu la mawu aja oti ndidzatsegulira ofuna kuona nyumba. Nyumba ikalowa munthu msanga, chimene mwini wake wataya chimachepa, ndipo chindapusa chimachepa nacho.

Tiwerengere limodzi za mayi uja. Tinene kuti dipoziti yake yabereka R120, ndiye yonse ndi R4,620. Poyendera nyumba apeza galasi la zenera limene mwana anaswa ndi mpira, ndipo lisiti yokonzera ikuonetsa R350. Bilu ya madzi yatsala R280. Mwini nyumba wapeza wolowa wina pa 16 Okutobala, kotero nyumba yakhala yopanda munthu theka la mwezi, ndipo agwirizana kuti chindapusa chikhale R2,250. Zodula zonse pamodzi ndi R2,880. Mayiyo alandira R1,740. Si ndalama yonse, koma ndi yake, ndipo wachoka wopanda ngongole yomutsatira.

Onani zimene sizinalowe m'masamuwo. Penti amene wazilala ndi dzuwa, kapeti amene wapyapyala chifukwa choyendapo, mpopi wakale umene unkadontha iye asanalowe: zimenezi ndi kukalamba kwa nyumba, ndipo ndi za mwini wake. Chizindikiro chakuti zinthu sizili bwino ndi nambala yozungulira yopanda lisiti, monga "kukonza, R3,000". Lamulo limati malisiti a zokonzazo azipezeka kuti wochita lendi awaone. Apa zithunzi zimene munajambula tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka zimagwira ntchito ya mboni.

Pali misampha iwiri imene imakola anthu athu kawirikawiri. Woyamba ndi kuuza mwini nyumba kuti mwezi womaliza adye dipoziti. Pokhapokha atavomera yekha molemba, kusalipira lendi ndi kuphwanya pangano, ndipo amene anali wolungama amasanduka wolakwa. Wachiwiri ndi kutseka akaunti ya ku banki ndi kutaya nambala ya foni tsiku lokwera basi. Ndalama imene ikubwera patatha masiku 14 idzasowa kolowera, ndipo mwini nyumba adzanena zoona kuti anakusowani.

Masiku akadutsa ndalama osaoneka, lembani uthenga wachiwiri wotchula tsiku limene inayenera kufika ndi kupereka masiku ochepa omaliza. Zikakanika, chigawo chilichonse cha dzikolo chili ndi bwalo la Rental Housing Tribunal, lomva madandaulo a eni nyumba ndi ochita lendi. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, sikufuna loya, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati ya khoti la majisitireti. Adzafuna kuona mgwirizano, lisiti ya dipoziti, zithunzi ndi mauthenga amene munalemberana. Pamwamba pa mulu wa mapepalawo padzakhala uthenga woyamba uja wa pa 1 Sepitembala, wokhala ndi tsiku lotuluka, nthawi yoyendera nyumba ndi nambala ya akaunti. Amene anaulemba bwino, mlandu wake wayamba kale kudzinenera wokha.