Mayikolofoni Akamadukiza Ulaliki Uli Mkati

Abusa afika pachimake pa uthenga, mawu nkuti zii, kenaka nkubwereranso. Anthu amathamangira kunena kuti mayiki afa, komatu nthawi zambiri vuto limakhala mabatire. Mabatire otsika mtengo a m'maokala amayatsa ndithu kanyali, koma amafooka msanga. Ikani atsopano awiri amtundu umodzi, makamaka olembedwa Alkaline, osasakaniza ndi akale.

Likapitirira vutolo, yang'anani kabokosi kolandira mawu kaja. Ambiri amakhala ndi nyali ziwiri, RF ndi AF. Ngati RF ikuzima mawu akamaduka, uthenga wa mayikolofoni sukufika. Chotsani kabokosiko pansi pa tebulo, imikani tinyanga take poonekera kuguwa, chifukwa matupi a anthu odzadza m'tchalitchi amatchinga. Nchifukwa chake zimayenda bwino poyeserera Loweruka, nkuvuta Lamulungu.

Tsono zimitsani mayikolofoni. RF ikayakabe, wina ali pa tchanelo chanu, mwina tchalitchi choyandikana nacho kapena mayikolofoni anu achiwiri. Sinthani tchanelo pa kabokosi ndi pa mayikolofoni pomwe, manambala afanane. Zida zina zotchipa sizisinthika tchanelo. Zikatero, lumikizani mayikolofoni a chingwe.