Kulemba malonda: mfundo zomwe wogula angathe kutsimikiza

Mukauza ophunzira kuti alembe chidziwitso chotsatsa malonda, ambiri amadzaza afotokozi monga "yabwino koposa", "yodabwitsa" ndi "yeniyeni". Vuto la mawuwa si galamala ayi. Vuto n'lakuti wogulitsa aliyense, wachilungamo ndi wakuba yemwe, angathe kuwalemba, choncho sathandiza wogula kusankha. M'gawo lino tiona njira yothandizira ophunzira kuchotsa mawu otere n'kuikapo mfundo.

Njira yake ndi funso limodzi: kodi wogula atagwira katunduyu m'manja, angaone bwanji kuti mawuwa ndi oona? Tiyeni tiliyese pa chitsanzo ichi:

"Ndikugulitsa foni yeniyeni, yabwino koposa, yonga yatsopano. Batire yake ndi yodabwitsa!"

Mawu oti "yeniyeni" akuyankha mantha a wogula akuti mwina foniyo ndi yachinyengo. Mfundo yolowa m'malo mwake ndi dzina lonse la foni ndi nambala yake ya IMEI. Wogula akalemba `*#06#` pamalo oimbira, nambalayo imaoneka ndipo angaiyerekeze ndi ya pabokosi. "Yonga yatsopano" akubisa mafunso awiri: inagulidwa liti, nanga ili ndi chilema? "Yodabwitsa" akufuna nthawi: batire imatha maola angati, ikugwira ntchito yanji? Koma "yabwino koposa" alibe mfundo kumbuyo kwake, choncho angochotsedwa. Chidziwitso chija chikhala chotere:

"Samsung Galaxy A14, 64 GB. Ndinagula mu Marichi 2024, lisiti ndi bokosi zilipo. Mungayerekeze IMEI ya pafoni ndi ya pabokosi. Galasi losasweka, koma kumbuyo kuli kokandika pakona imodzi. Batire ikadzaza 6 koloko m'mawa imafika 8 koloko usiku poimba ndi potumiza mauthenga. Bwerani mudzaiyese musanalipire."

Onani kuti kutchula pokandika sikukuononga malonda. Wogula akakupeza monga kwalembedwera, amakhulupiriranso zina zonsezo.

Chenjerani ndi zolakwika ziwiri. Choyamba, ophunzira ena amangosintha mfotokozi ndi mnzake, "yodabwitsa" n'kukhala "yamphamvu". Mudzazindikira izi poona kuti chiganizo chilibe nambala, dzina, tsiku kapena chikalata. Chachiwiri, nambala payokha si umboni. Foniyi imatuluka kufakitale ndi batire ya 5000 mAh, koma chiwerengerochi sichinena mmene batireyo yatopera patapita zaka. Ndiponso za maola a batire wogula sangazione pa mphindi zisanu, n'chifukwa chake mfundo yotere iyenera kutchula ntchito yomwe foni imagwira.

Ntchito

Sonkhanitsani zidziwitso zitatu zamalonda za m'dera lanu, m'chiyankhulo chomwe mumaphunzitsa. Ophunzira awiriawiri adule mzere kunsi kwa mawu odzitama, alembe funso la wogula pa liwu lililonse, kenako alembenso chidziwitsocho. Mnzawo akhale wogula ndipo anene mmene angatsimikizire chiganizo chilichonse. Chiganizo chomwe walephera kuchitsimikiza chikonzedwe kapena chichotsedwe.