Ponenerera, dandaulani za thumba lanu, osanyoza katundu

Pamsika wa kaunjika wa Tsoka ku Lilongwe, mtengo woyamba kutchulidwa si umene wogulitsa akuyembekezera kulandira. Iye akudziwa, inunso mukudziwa. Nkhani yagona pa mmene muutsitsire popanda kumuchititsa manyazi.

Tiyerekeze kuti mwaona jekete. Moni kaye, kenaka funso: "Achimwene, iyi ikupita pa zingati?" Iye akuti K25,000. Ambiri amaphonya pomwepa, n'kuyamba zoti "kuba kumeneku" kapena "chinthu chakuthachi". Munthu amene mwamutcha wakuba sangatsitse, chifukwa kutsitsako kungakhale kuvomera mlandu. Wodziwa kunenerera amaloza mlandu kuthumba lake: "Jeketeyi ndaikonda, koma thumba lakana. Mtengo womaliza ndi uti?" Mukatero, woyamba kusuntha ndi iyeyo. Mwina afika pa K22,000.

Apa tchulani yanu, tinene K16,000. Adzaseka, n'kunena kuti belo lakwera. Musatsutse, chifukwa nthawi zambiri akunena zoona. Kaunjika amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mabelo adakweradi. Komanso m'belo mumatuluka zabwino ndi zosagulika, choncho jekete yabwinoyo ikulipirira zinzake. Ingovomerezani: "Zinthu zavutadi, ngakhale ife ogula tikulira," kenaka onjezerani pang'ono, K17,500, ndipo pambuyo pake K18,000. Kuonjezera kwanu kuzinka kuchepa, kuti amve yekha kuti mwafika kumapeto. Mukalumpha kuchoka pa K16,000 kufika pa K20,000, mwamuuza kuti m'thumbamo zidakalipo.

Chilema cha chovala chitchuleni ngati ndalama yomwe mukawononge, osati ngati chipongwe: "Zipi iyi ikufunika telala, ndichotserenikoni ya telalayo." Ndalama yomwe mwatchula itulutseni aione, koma ikhale yokhayo. Kulira umphawi kenaka n'kusolola mpukutu wa ma K5,000 kumakwiyitsa, ndipo wogulitsa saiwala nkhope.

Akakanitsitsa, tsanzikani bwino: "Zikomo achimwene, ndizungulire kaye." Akakuitanani musanapite patali, ndiye kuti mtengo wanu uli ndi phindu kwa iye. Akangokusiyani, mwatsika kupitirira pomwe angathe, ndipo poti simunatukwane, mukhoza kubwerera n'kuonjezera K1,000 opanda manyazi. Koma akavomera mtengo umene mwatchula nokha, gulani. Kuyambiranso kunenerera pamenepo ndi kuseweretsa munthu.

Kwa amayi a tomato ndi usipa malamulo ndi ena. Mulu uli ndi mtengo wofanana mzere wonse, ndipo mayi sangatsitse anzake akumva. Kumeneko gulani milu iwiri kapena itatu, kenaka pemphani basela: "Mayi, muikepo kapamwamba." Tomato mmodzi kapena awiri amalowa m'jumbo mwakachetechete, mtengo wa mzere osasintha.