Zipika ziwiri, masipuling'i atatu, mavinidwe awiri okha

Tengani mabotolo awiri ofanana, mudzazemo mchenga, ndipo muwapachike ndi tizingwe tautali wofanana pa chingwe choyanikira zovala chomwe sichinakungike kwambiri. Kokani botolo limodzi ndi kulitaya, linalo musalikhudze. Poyamba lokokedwalo limalendewera mwamphamvu linzake lili phee. Pakapita kanthawi linzakelo limayamba kugwedera pang'onopang'ono, kenaka limakula mphamvu mpaka loyamba lija kutsala pang'ono kuimiratu. Mukadikirabe, zinthu zimatembenuka, loyamba lija nkudzukanso. Ndinaonetsapo ana a mchemwali wanga zimenezi, ndipo wamng'ono anati mabotolowo akubwerekana mphamvu. Sananame. Koma pansi pa kubwerekanako pali chinthu china chosaoneka msanga: mabotolowa ali ndi mavinidwe awiri okha, ndipo zonse zomwe maso akuonazi ndi mavinidwe awiriwo atasakanikirana.

Kuti tiione bwino nkhaniyi ndi manambala, tichoke pa chingwe tipite pa tebulo loterera. Pamenepo tiike zipika ziwiri, chilichonse cholemera kilogalamu imodzi. Sipuling'i yoyamba ilumikize chipika chakumanzere ku khoma, yachiwiri ilumikize zipika ziwirizo, yachitatu ilumikize chakumanja ku khoma lina. Masipuling'i onse ndi ofanana kulimba: kuti muitamule ndi sentimita imodzi pafunika mphamvu ya nyutoni imodzi, zomwe akatswiri amalemba kuti k ndi 100, kutanthauza manyutoni 100 pa mita. Lamulo lomwe Robert Hooke anasindikiza mu 1678 limati sipuling'i imabweza mphamvu molingana ndi momwe mwaitamulira. Mukaitamula kawiri, nayo imakoka kawiri.

Vuto lake nlakuti palibe chipika chomwe chili pachokha. Chakumanzere chikasendera kumanja, sipuling'i ya kukhoma imachikokera m'mbuyo, yapakati imachikankhiranso m'mbuyo, koma mphamvu ya yapakatiyo ikudalira pomwe chinzake chili panthawiyo. Kuti mudziwe za ichi mufunika kudziwa za icho, ndipo kuti mudziwe za icho mufunika kudziwa za ichi. Tikatchula mtunda womwe chilichonse chasendera kuti x1 ndi x2, mphamvu zobweza, zitagawidwa ndi kulemera kwa chipika, zimalembedwa chonchi:

```
pa chipika 1:   200·x1 − 100·x2
pa chipika 2:  −100·x1 + 200·x2
```

Manambala anayiwa, 200, −100, −100 ndi 200, akaikidwa m'mizere iwiri amatchedwa matirikisi. Muiganizire ngati makina: mumaponyamo manambala awiri onena pomwe zipika zili, imakutulutsirani manambala awiri onena momwe chilichonse chikukokedwera kubwerera pamalo pake.

Tiyese. Kokani chipika choyamba chokha, chachiwiri chikhale pamalo. Mwaponyamo 1 ndi 0, ndipo chotuluka ndi 200 ndi −100. Chimene chatulukachi sichifanana ndi chimene munaponyamo, pakuti chipika chachiwiri chomwe simunachikhudze nachonso chalandira mphamvu. Nchifukwa chake kayendedwe kake kamasokonekera nthawi yomweyo.

Tsopano kokani zonse ziwiri kumanja mofanana, 1 ndi 1. Chotuluka ndi 100 ndi 100. Apa pachitika chinthu chapadera: maonekedwe sanasinthe, angochulukitsidwa ndi 100. Yesaninso kuzikoka motsutsana, china kumanja china kumanzere, 1 ndi −1. Chotuluka ndi 300 ndi −300, maonekedwe omwe aja ochulukitsidwa ndi 300. Manambala awiri otere, omwe matirikisi imangowakuza osawapotoza, amatchedwa aigenivekita, ndipo nambala yochulukitsirayo imatchedwa aigenivaliyu. Mawu akutsogolowo ndi a Chijeremani otanthauza "chakechake", ndipo anafala m'masamu kudzera m'zolemba za David Hilbert za mu 1904. Ine ndimakonda kunena kuti ndi kavinidwe kachibadwa ka chinthucho.

Nchifukwa chiyani kusapotoza kuli nkhani yaikulu? Ngati mphamvu yobweza pa chipika chilichonse ikulingana ndi mtunda womwe chasendera, ndipo kalinganidweko nkamodzi kwa zonse ziwiri, ndiye kuti zipikazo zinyamuka limodzi, zidutsa pakati limodzi, zitembenukanso limodzi. Zasanduka ngati chipika chimodzi pa sipuling'i imodzi, funso lomwe yankho lake ndi lodziwika kale. Liwiro la kugwedezeka kwake limapezeka potenga sikweya ruti ya aigenivaliyu, ndipo mukagawa ndi 2π, yomwe ili pafupi ndi 6.28, mumapeza kuti chipika chipita nkubwera kangati pa sekondi.

```
ω = √λ          f = ω / 2π
λ = 100:  ω = 10      f ≈ 1.59
λ = 300:  ω ≈ 17.3    f ≈ 2.76
```

Choncho kavinidwe koyamba kamachitika kamodzi ndi theka, kuposerapo pang'ono, pa sekondi iliyonse, pomwe kachiwiri kamayandikira katatu. Chomwe chimandikondweretsa pano nchakuti manambalawa mutha kuwaona ndi maso. M'kavinidwe koyamba zipika zimayenda ngati anthu awiri anyamula tebulo: mtunda wa pakati pawo susintha, ndiye sipuling'i yapakati siitamuka ngakhale pang'ono. Mutaichotsa nkuikapo ndodo, palibe chingasinthe. Chipika chilichonse chikumva sipuling'i imodzi yokha, ndiye 100 uja. M'kavinidwe kachiwiri zipika zimayandikizana nkutalikirana. Ichi chikasendera sentimita imodzi, icho chasenderanso imodzi mbali inayo, ndipo sipuling'i yapakati yafinyika masentimita awiri. Imodzi ya kukhoma kuphatikiza ziwiri za pakati, zatatu: ndiye 300 uja. Kokoka kolimba, kubwerera kwachangu.

Apa tachita mwayi chifukwa mbali ziwirizi nzofanana, moti mavinidwe tangowalota. Zikakhala zosafanana pamafunika kuwerengera. Mumachotsa λ pa manambala awiri a 200 aja, nkufunafuna λ yemwe achititse ditaminanti ya matirikisiyo kukhala 0. Pa chitsanzo chathu zimatuluka (200 − λ)² − 10000 = 0, ndipo mayankho ake ndi 100 ndi 300 omwe aja. Chipika chachiwiri chikakhala cha makilogalamu awiri, mzere wachiwiri umagawidwa ndi 2, mayankho nkukhala pafupifupi 63 ndi 237. Mavinidwe akadali awiri, koma sakhalanso oyenderana bwino: m'koyamba chipika cholemera chimayenda masentimita 1.37 pa sentimita iliyonse ya chopepuka, m'kachiwiri chimangobwerera 0.37 mbali inayo.

Tibwerere kwa zipika zofanana zija, ndi funso la mabotolo. Kokani choyamba chokha masentimita awiri. Zimenezi si kavinidwe koyamba kapena kachiwiri. Koma onani: 1 ndi 1 mukaphatikiza ndi 1 ndi −1 mupeza 2 ndi 0. Ndiye kuti pokoka chipika chimodzi mwadzutsa mavinidwe onse awiri pamlingo wofanana, ndipo kalikonse kayenda pa liwiro lake osasamala kanzake. Pachiyambi mavinidwe awiriwa amathandizana pa chipika choyamba nkufafanizana pa chachiwiri. Poti kena nkofulumira, sachedwa kusiyana mapazi, ndipo pamafika nthawi yomwe amafafanizana pa choyamba nkuthandizana pa chachiwiri. Daniel Bernoulli anaumirira mfundo imeneyi mu 1753 pokamba za nsambo yolira, kuti kugwedezeka kulikonse ndi mavinidwe achibadwa ophatikizana, ndipo akatswiri anzake monga Leonhard Euler sanavomere msanga.

Kubwerekana mphamvu kumaoneka bwino sipuling'i yapakati ikakhala yofooka. Iikeni pa 10 m'malo mwa 100. Kavinidwe koyamba sikasintha, chifukwa sikaigwiritsa ntchito nkomwe. Kachiwiri katsika kufika pa 120, ndipo ω yake ikhala 10.95 poyerekeza ndi 10. Kusiyana kochepa chonchi kumatenga masekondi pafupifupi 3.3 kuti mavinidwewo asemphane kotheratu. Pamenepo chipika choyamba chimaima, chachiwiri chili pa mphamvu zonse, ndipo pakatha masekondi ena 3.3 zabwerera mwakale. Chingwe choyanikira zovala chija ndicho sipuling'i yofooka ya mabotolo athu.

Ophunzira amapunthwa malo odziwika. Ena amatenga 300 nkunena kuti ndiye liwiro la kugwedezeka, kuiwala sikweya ruti. Ena amaima pa 17.3 osagawa ndi 2π, ndipo yankho lawo limakula koposa kasanu ndi kamodzi. Chabwino nchakuti masamuwa amadziulula okha akalakwika. Pa masipuling'i wamba ngati awa aigenivaliyu singatsike pansi pa 0, ndiye mukaipeza yotero, fufuzani chizindikiro chomwe mwatembenuza. Mukapeza 0 weniweni musachite mantha: zikutanthauza kuti chinthucho chitha kusendera chathunthu popanda sipuling'i yotamuka, monga zimakhalira mukachotsa makoma onse awiri. Ndipo mavinidwe ayenera kuchuluka ngati njira zodziimira zomwe zinthuzo zingayendere. Zipika zitatu pamzere, mavinidwe atatu.

Malire aliponso. Lamulo la Hooke limagwira sipuling'i ikatamuka pang'ono chabe, ndipo m'chitsanzo chathu taiwala dala kukhulana komwe kumadya mphamvu mpaka zipika kuima. Kukhulana kukakhala kochepa, manambala tapezawa amasintha pang'ono kwambiri, nchifukwa chake mainjiniya amayambira pomwepa.

Chomwe amawafunira manambalawa nchakuti chinthu chikamakankhidwa mobwerezabwereza pa liwiro lofanana ndi la kavinidwe kake kena, kugwedezeka kumakulirakulira. Amene anaimapo m'chigayo cha dizilo pozimitsa injini anaona zimenezi: injini ikamatsika liwiro pamafika kamphindi komwe imagwedezeka mwamphamvu pa maziko ake, kenaka nkudekha. Yadutsa pa liwiro lachibadwa. Mlatho wa oyenda pansi wa Millennium ku London unatsegulidwa pa 10 Juni 2000 nkutsekedwa patangotha masiku awiri. Munthu akamayenda amakankhira m'mbali, kumanzere kenaka kumanja, pafupifupi kamodzi pa sekondi, ndipo mlathowo unali ndi mavinidwe am'mbali pafupi ndi liwiro limenelo. Utayamba kuyendayenda, anthu anayamba kuponda mogwirizana nawo kuti asagwe, ndipo potero amauwonjezera mphamvu. Anauika zipangizo zomeza kugwedezeka, ndipo unatsegulidwanso mu Febuluwale 2002.

Mlatho ngati umenewo pa kompyuta umadulidwa m'tizidutswa tambirimbiri, kalikonse ndi kulemera kwake ndi kulimba kwake, ndipo matirikisi yake imakhala ya mizere zikwizikwi osati iwiri. Injiniya safuna mavinidwe onsewo. Amapempha ochepa okha a aigenivaliyu zing'onozing'ono, oyenda pang'onopang'ono ngati kavinidwe kathu koyamba kaja, chifukwa amenewo ndiwo mapazi a anthu ndi mphepo zimatha kuwadzutsa.